Akufuna katundu wa K18 miliyoni pa ngongole: lipoti la pachaka la kampani yawo likuti chiyani?

*Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira kuno ku Mzuzu. Bambo wina wa kampani yomanga wakhala akugula simenti kwa ine kwa miyezi isanu, ndipo amalipira kashi. Pano akufuna simenti ndi malata za K18 miliyoni pa ngongole ya masiku 60. Akuti iwo ndi dayilekitala ndipo kampani yawo ili ndi mpamba wa K50 miliyoni. Mwana wanga wanditengera lipoti la pachaka la kampaniyo, lomwe ndakutumizirani, koma sindikulimva bwino, ndipo dzina lawo sindikuliona pa madayilekitala. Ndiwakongoze?*

*Mayi wa hadiweya, Mzuzu*

Mayi, pepala lija ndaliwerenga lonse, masamba anayi. Momwe zinthu zilili lero, musatulutse katunduyo. Sindikunena kuti bambowa ndi wakuba, chifukwa mu pepalali mulibe chosonyeza zimenezo. Koma zinthu ziwiri zomwe anakuuzani, udayilekitala ndi K50 miliyoni, pepalali silikuzivomereza monga momwe inu munazimvera, ndipo pali mapepala atatu kapena anayi amene ayenera kufika m'manja mwanu thumba loyamba la simenti lisanakwere lole. Tiyeni tiliwerenge limodzi, mulitsegule pamene mwakhalapo.

Tiyambe ndi tsiku, osati mayina. Pamwamba pa tsamba loyamba, pansi pa mutu woti `Annual Return`, pali mzere wonena tsiku lomwe nkhani za mu lipotili zikulekezera. Lanuli likuti 30 Juni 2023, ndipo chidindo cha ofesi yolembetsa makampani chikusonyeza kuti analilandira mu Seputembala chaka chomwecho. Lipoti la pachaka lili ngati chithunzi chojambulidwa tsiku limodzi. Chimakuonetsani omwe analipo tsikulo. Wina akachoka mawa lake, pa chithunzipo amakhalabe akumwetulira. Choncho chilichonse chomwe ndinene pansipa ndi momwe kampaniyo inalili pa 30 Juni 2023, ndipo kuchokera tsiku limenelo papita nthawi yokwanira kuti madayilekitala asinthe, masheya agulitsidwe, ofesi isamuke.

Kampani iliyonse imayenera kupereka lipotili chaka ndi chaka. Ngati lomwe mwana wanu anapatsidwa ndilo lomaliza mu fayilo, ndiye kuti kampaniyi ili m'mbuyo. Zimenezi pazokha sizindiopsa kwambiri, pakuti makampani ang'onoang'ono ambiri amachedwa, amakumbuka tsiku lomwe akufuna kupikisana nawo pa tenda kapena banki ikawafunsa. Komabe ndi chizindikiro cha momwe eni ake amasamalira mapepala, ndiponso kampani yomwe yangokhala chete zaka zambiri ikhoza kufufutidwa m'kaundula. Mufunse mwana wanuyo ngati anapempha lipoti laposachedwa kwambiri kapena anangolandira lomwe anamupatsa.

Chinthu china choti musunge m'mutu n'chakuti pepalali limadzazidwa ndi kampani yokha, n'kusainidwa ndi dayilekitala kapena mlembi wake. Chidindo cha boma chikutanthauza kuti pepala lalandiridwa ndi kusungidwa. Sichikutanthauza kuti wina anapita kukawerenga ndalama za kampaniyo kapena kukaona ofesi yake. Kulemba bodza pa pepala lotere ndi mlandu, ndiye anthu ambiri amalemba zoona, koma umboni wake ndi wa eni ake.

Kenako dzina ndi nambala. Apa anthu amadumphapo, poganiza kuti dzina akulidziwa kale. Tengani maoda ndi malisiti a miyezi isanu ija, muyerekeze dzina lomwe lili pamenepo ndi lomwe lili pa lipoti, chilembo ndi chilembo, mpaka mawu omaliza oti `Limited`. Ndinathandizapo munthu wina wogulitsa matabwa a ku Chikangawa yemwe ankadandaula kuti kampani ina yamubera. Titafufuza tinapeza kuti panali zinthu ziwiri za dzina lofanana, zosiyana mawu amodzi okha. China chinali kampani yeniyeni yokhala ndi magalimoto, china chinali kampani ina ya anthu omwewo yomwe inalibe ngakhale mpando. Maoda onse a matabwa analembedwa m'dzina la yopanda kanthuyo. Pamaso pa lamulo amenewo ndi anthu awiri osiyana, ngakhale mwini wake akhale mmodzi, ndipo ngongole ya wina simungakaitole kwa mnzake. Nambala yolembetsera kampani ndiyo sisintha ngakhale dzina lisinthe, choncho muilembe pa mgwirizano uliwonse womwe mudzapange. Ndionjezere kuti bizinesi yomwe inangolembetsa dzina pansi pa lamulo la 2012 lolembetsa mabizinesi, ya munthu mmodzi kapena ya anthu ogwirizana, si kampani. Imeneyo ilibe madayilekitala kapena masheya, ndipo ngongole zake zimagwera mwini wake mwachindunji. Yanuyi ndi kampani ndithu, ndipo pepala likuti inalembetsedwa mu 2012.

Tsopano tsamba lachiwiri, pomwe maso anu anathamangira. Pansi pa mutu woti `Directors` pali anthu awiri. Woyamba ndi mayi wa dzina la makolo lofanana ndi la bambo amene amabwera kushopu kwanu, ndipo keyala yake ndi ya kuno ku Mzuzu. Wachiwiri ndi bambo wina wa ku Lilongwe, yemwenso walembedwa ngati mlembi wa kampani. Munaona bwino, kasitomala wanu palibe. Koma tembenuzani tsamba lachitatu, pa mndandanda wa eni masheya. Dzina lake lili pamwamba penipeni, ndi masheya 600,000 mwa 1,000,000. Mayi uja ali ndi 300,000, ndipo 100,000 otsalawo ndi a kampani ina.

Ndiye bambowa ndi mwini wamkulu, wa magawo 60 pa 100 aliwonse, koma pa tsiku la lipotili sanali dayilekitala. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku timasakaniza maudindo awiriwa, aliyense woyenda pa galimoto ya kampani timati abwana adayilekitala, ndipo n'kutheka kuti iwonso ananena mawuwo mopanda chinyengo. Koma lamulo limawasiyanitsa. Mwini masheya ndi amene anaika chuma mu kampani. Amavota pa msonkhano wa eni, amalandira gawo la phindu likagawidwa, ndipo wa masheya ambiri mawu ake amalemera posankha madayilekitala. Kukhala ndi masheya pakokha sikumupatsa mphamvu yosainira ngongole m'dzina la kampani. Mphamvu yoyendetsa kampani ili ndi bodi ya madayilekitala, ndiponso ndi anthu omwe bodiyo yawapatsa mphamvu, monga manijala.

Kufunika kwake kwa inu kuli apa. Tiyerekeze kuti katundu watuluka, masiku 60 adutsa, ndalama palibe, nkhani yafika kwa maloya. Yankho loyamba lomwe kampani ingapereke ndi lakuti munthu amene anasaina oda sanali dayilekitala ndipo bodi sinamutume. Inu mungakhale ndi poyankhira, chifukwa ngati kampani yakhala ikumulola kugula m'dzina lake kwa miyezi isanu, n'kumalandira simentiyo pa malo ake omangira, khoti likhoza kuona kuti kampaniyo inamuonetsa kwa inu ngati munthu wa mphamvu. Lamulo limathanso kumutenga ngati dayilekitala munthu amene madayilekitala olembedwa amangotsatira mawu ake. Koma zonsezi n'zofuna umboni, loya ndi miyezi yambiri, ndipo kugula ndi kashi matumba 40 n'kosiyana ndi kutenga ngongole ya K18 miliyoni. Pamene mukulimbana nazo, amene anakupatsani malata aja akufuna zawo.

N'chifukwa chiyani mwini wamkulu angakhale kunja kwa bodi? Zifukwa zina n'zabwinobwino. Mwina anali pa ntchito yomwe sinkamulola kukhala dayilekitala wa kampani yopikisana pa matenda, ndiye anaikapo mkazi wake kapena mlongo wake. Mwina anasankhidwa kukhala dayilekitala lipotili litaperekedwa kale. Kusintha kwa madayilekitala kumakhala ndi fomu yakeyake yomwe kampani imapereka nthawi yomwe kusinthako kwachitika, ndipo fomuyo imakhala mu fayilo yomweyo koma osati mkati mwa lipoti lomwe muli nalo. Pali zifukwa zinanso zosakoma. Munthu amene khoti linamugamula kuti walephera kubweza ngongole zake, ndipo sanamasulidwe, saloledwa kukhala dayilekitala, ndipo ena amaika dala abale awo patsogolo kuti zinthu zikavuta dzina lawo lisaoneke. Pepala silingakuuzeni chifukwa chake mwa zimenezi. Mukhoza kuwafunsa bambowo poyera, mwaulemu, muli nalo pepalalo m'manja. Munthu wachilungamo amayankha funso limeneli mosavuta, ndipo amabweretsa kalata. Akakwiya kuti mwakafufuza, dziwani kuti kaundula wa makampani anaikidwa kuti anthu ngati inu aziwerenga, simunasuzumire m'chipinda cha munthu.

Musadabwe ndi kuchepa kwa madayilekitala. Lamulo la makampani la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa la 1984, limalola kampani yapulayiveti kukhala ndi dayilekitala mmodzi yekha. Awiri ndi okwanira. Chomwe ndingayang'ane kwambiri ndi wachiwiriyo. Munthu wa ku Lilongwe amene ndi dayilekitala komanso mlembi, wopanda sheya ngakhale imodzi, nthawi zambiri amakhala akawuntanti kapena loya amene amasamala mapepala a kampani. Ngati zili choncho, amene akuyendetsa zinthu tsiku ndi tsiku ndi banja limodzi, ndipo siginecha yomwe mukuifuna kwambiri ndi ya mayi uja.

Tifike pa K50 miliyoni, pomwe pali nkhani yaikulu. Bambowa sanaipeke nambalayi, ilipodi pa pepala. Koma pa gawo la mpamba pali manambala atatu osiyana, ndipo iwo anakuuzani nambala yaikulu kwambiri, yomwenso ndi yopanda phindu kwa inu.

Nambala yoyamba ili pa mzere wa `Authorised` ndipo ikuti K50,000,000, yogawidwa mu masheya 5,000,000 a K10 imodzi. Amenewa ndi malire omwe kampani inadziikira polembetsa, kunena kuti ikhoza kugawa masheya mpaka kufika pamenepo. Zili ngati munthu womanga nkhokwe yolowa ngolo makumi asanu. Kukula kwa nkhokwe sikunena kuti chimanga chilimo chochuluka bwanji. Makampani omwe analembetsedwa pansi pa lamulo lakale, monga iyi ya 2012, ndiwo amakonda kukhala ndi mzere umenewu. Pa mapepala a makampani atsopano mudzaona kwambiri mawu oti `stated capital`, omwe amayang'ana masheya amene agawidwadi, osati malire.

Nambala yachiwiri ndi ya masheya omwe anagawidwa kwa eni ake, pa mzere wa `Issued`. Ndi 1,000,000, ndipo pa K10 imodzi akukwana K10,000,000. Apa tatsika kale kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe munauzidwa. Mukaphatikiza 600,000 ndi 300,000 ndi 100,000 za tsamba lachitatu mupeza 1,000,000 yomweyo. Kuphatikiza kumeneku muzichita nthawi zonse, chifukwa manambala akapanda kugwirizana ndiye kuti pali mwini wina yemwe sanalembedwe, kapena pepala linadzazidwa mosasamala.

Nambala yachitatu ndiyo yomwe anthu ambiri saiona, chifukwa imalembedwa pang'ono. Pa mzere wa `Paid up` pepala likuti pa sheya iliyonse palipiridwa K2.50. Masamu ake ndi awa:

```
1,000,000 x 2.50 = 2,500,000
1,000,000 x 7.50 = 7,500,000
```

Ndalama zomwe eni ake anaikadi mu kampani pogula masheya ndi K2,500,000. K7,500,000 analonjeza koma sanapereke. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwa K50 miliyoni ija, wa pamphuno ndi K2.5 miliyoni, ndipo inu akukupemphani katundu woposa pamenepo kasanu ndi kawiri.

Koma ngakhale K2.5 miliyoni imeneyo musaiganize ngati ndalama yomwe yakhala ku banki kudikira inu. Mpamba wa masheya ndi mbiri ya zomwe zinalowa pa nthawi yomwe masheya ankagawidwa. Ndalamazo zinagula mafosholo, zinalipira anyamata, mwina zinatha chaka choyamba chomwecho. Nthawi zina sizinali ndalama n'komwe, mwini anapereka galimoto yakale kapena makina osakanizira konkire, n'kuwaika mtengo, n'kulandira masheya. Lipoti lolembedwa bwino limasiyanitsa masheya olipiridwa ndi ndalama ndi olipiridwa ndi katundu, ndipo lanuli likuti onse ndi a ndalama. Nambalayi siyendanso ndi mitengo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Inuyo munaona momwe mtengo wa malata unadumphira m'masiku amenewo, koma pa pepala la kampani K2,500,000 inangokhala K2,500,000.

Ndinene mbali inayo kuti ndisawalakwire bambowa. Mpamba wochepa sutanthauza kampani yosauka. Ndaonapo makampani olembetsedwa ndi masheya a K100,000 omwe ali ndi malole, nyumba ndi makontirakiti akuluakulu, chifukwa anakula ndi phindu lawo ndipo eni ake sanaone chifukwa chosinthira nambala ya pa pepala. Ndaonanso a mpamba wooneka waukulu omwe ngongole zinawafika m'khosi. Nambala ya mpamba sikuuzani ngati kampani ingathe kulipira pa masiku 60. Zimenezo zimaoneka mu maakaunti a kampani ndi pa sitetimenti ya ku banki. Chomwe nambalayi ikuuzani ndi kuchuluka kwa chuma chomwe eni ake anavomera kutaya zinthu zikalakwika.

Apa ndi pomwe mawu oti `Limited` amaluma. Kampani ndi munthu payekha pamaso pa lamulo, ndipo ngongole yanu idzakhala ya kampani, osati ya bambowa. Kampani ikagwa, mwini masheya amangoyenera kumaliza zomwe sanalipire pa masheya ake, basi. Kwa bambowa ndi masheya 600,000 kuchulukitsa ndi K7.50, yomwe ndi K4,500,000. Kwa mayi uja K2,250,000, kwa kampani inayo K750,000. Nyumba yawo, galimoto yolembedwa m'dzina lawo, munda wawo, simungazikhudze pa ngongole ya kampani. Ndiponso K7.5 miliyoni imeneyo si inu amene mungapite kukaitenga pakhomo pawo. Ndi ngongole yawo ku kampani, amene amaiitanitsa ndi madayilekitala, kapena munthu wosankhidwa kuthetsa kampaniyo ikagwa. Ikatoledwa imalowa mu mphika umodzi wa onse omwe kampani ili nawo ngongole. Omwe anagwira chikole, monga banki, amayamba kutenga pa katundu amene anagwirayo, ena omwe lamulo limawaika patsogolo monga ogwira ntchito amatsatira, ndipo wogulitsa simenti wopanda chikole amagawana zotsala ndi anzake onse. Kawirikawiri zotsalazo zimakhala zochepa kwambiri.

Masheya 100,000 a kampani ina aja musawanyalanyaze. Ngati mukufuna kudziwa amene ali kumbuyo kwake, njira ndi yomweyi, kutenga lipoti la kampani imeneyonso. Kuyambira 2022 pali malamulo ofuna kuti makampani azinena anthu enieni omwe amapindula nawo kapena kuwalamulira, ngakhale abisale kumbuyo kwa kampani ina. Pa nkhani yanu gawo la 10 pa 100 silisintha zambiri, koma mukapeza kuti kampani inayo ndi ya banja lomwelo ndipo dzina lake likufanana ndi la iyi, kumbukirani wa matabwa uja.

Keyala ndiyo yatsala. Pa mzere wa `Registered Office` pali nambala ya puloti ndi chipinda cha m'nyumba ina ya maofesi ku Lilongwe, ndipo ndi keyala yomweyo ya dayilekitala wachiwiri uja. Inu mukudziwa yadi yawo ya ku Luwinga, ndiye mwina munadabwa. Palibe cholakwika pamenepa. Ofesi yolembetsedwa si malo omwe kampani imagwirira ntchito, ndi malo omwe lamulo limaipezera. Ndi komwe kumapita makalata a boma ndi masamani a khoti, ndiponso komwe mabuku a kampani monga kaundula wa eni masheya amayenera kupezeka. Makampani ambiri amagwiritsa ntchito ofesi ya akawuntanti kapena loya wawo.

Phindu lake kwa inu ndi lakuti yadi ya ku Luwinga ikhoza kukhala ya lendi. Kontirakiti ikatha, mlonda akhoza kukuuzani kuti anasamuka sabata yatha, foni osagwira. Keyala ya pa kaundula ndiyo imatsala. Kalata yofuna ndalama zanu kapena samani ikasiyidwa pa ofesi yolembetsedwa, lamulo limatenga kuti kampani yalandira, ngakhale eni ake anene kuti sanaione. Mukaisiya kwa kapitawo pa malo omangira, mwawapatsa mpata wonena kuti sinawafike. Choncho keyalayi muiteteze monga momwe mumatetezera malisiti. Koma muiyesenso. Ngati muli ndi m'bale ku Lilongwe, apite pa chipindacho akafunse ngati kampani yakutiyakuti amaidziwa. Akayankha kuti inde, mapepala ake timasunga ndife, mtima ukhale pansi. Akanena kuti anasiyana nayo zaka ziwiri zapitazo chifukwa sinkalipira, mwamva zambiri kuposa zomwe masamba anayi onsewa angakuuzeni. Kusintha kwa ofesi nakonso kumakhala ndi fomu yake, ndiye pofufuza mufunse ngati ilipo yaposachedwa.

Zomwe ndingachite nditakhala pa malo anu ndi izi. Mwana wanu abwerere ku ofesi ya `Registrar of Companies`, yomwenso ili ndi njira ya pa intaneti yotchedwa `MBRS`, ndipo ulendo uno asapemphe lipoti lokha. Apemphe kufufuza fayilo yonse ya kampaniyo ndi nambala yake, kuti aone lipoti lomaliza, mafomu osintha madayilekitala kapena ofesi omwe anabwera pambuyo pa Juni 2023, ndi ngongole za chikole zomwe zinalembetsedwa pa katundu wa kampaniyo. Palinso kaundula wina wa chikole cha katundu wosunthika monga magalimoto ndi makina, yemwe anabwera ndi lamulo la 2013, ndipo ndi bwino kuyang'anamo. Lole yomwe mumaiona ikubwera kudzanyamula simenti ikhoza kukhala kuti inagwiridwa kale ndi banki. Kufufuzaku kuli ndi kamtengo kake, koma n'kochepa poyerekeza ndi matumba angapo a simenti.

Kwa bambowo pemphani kalata ya chigamulo cha bodi, yosainidwa ndi madayilekitala omwe ali pa kaundula, yonena kuti kampani yavomera kutenga katundu wa ndalama zakutizakuti kwa inu pa ngongole ya masiku 60, ndipo yatuma bambowa kusaina maoda ndi kulandira katundu. Mayi uja ali kuno ku Mzuzu, ndiye abwere adzasaine pamaso panu ndi chitupa chake cha unzika, muone kuti dzina likugwirizana ndi la pa lipoti. Pepala lachiwiri ndilo lolemera kwambiri, lonjezo lolemba la bambowo iwo eni, m'dzina lawo osati la kampani, lakuti kampani ikalephera kulipira adzalipira ndi iwo. Limeneli ndilo limatsegula njira yofika ku chuma chawo chomwe mawu oti `Limited` anatseka. Alilembe loya, lisainidwe pamaso pa mboni, chifukwa lonjezo lotere la pakamwa n'lovuta kuliimiritsa kukhoti. Mabanki amapempha zomwezi kwa eni makampani ang'onoang'ono tsiku ndi tsiku, ndiye bambowa sakhala akumva zachilendo. Mwini magawo 60 pa 100 amene akukhulupirira kuti kampani yake ilipira pa masiku 60 sayenera kuvutika kusaina. Akakana, akuuzani ndi zochita zawo kuti chiopsezo chomwe iwo sakufuna kusenza akufuna musenze inu.

Ngakhale mapepala onsewa abwere, ine sindingatulutse K18 miliyoni ulendo umodzi kwa kasitomala amene simunamuyesepo pa ngongole. Miyezi isanu ya kashi ikusonyeza kuti amagula, sikusonyeza kuti amabweza. Afunseni kuti ntchito yomwe akumangayo ndi ya ndani ndipo malipiro ake amabwera motani, chifukwa omanga ambiri amalephera kulipira pa nthawi osati mwadala koma poti nawonso akudikira cheke kuchokera kwa mwini ntchito. Gawani katunduyo patatu, K6 miliyoni gawo lililonse, ndipo lachiwiri lituluke loyamba likalipiridwa. Simenti ikalowa mu khoma simungakaitengenso, pomwe malata amafunika kumapeto, khoma litafika pa mtanda. Ndiye yambani ndi simenti ya gawo loyamba, malata akhale m'shopu mwanu mpaka ndalama za simentiyo zitalowa. Oda iliyonse ikhale ndi dzina lonse la kampani ndi nambala yake, ndipo delivale noti isainidwe ndi munthu amene watchulidwa mu kalata ya bodi ija, osati dalaivala wa lole.

Fayilo ikafufuzidwa munditumizirenso zomwe mwapeza, makamaka ngati muli fomu yosintha madayilekitala ya pambuyo pa Juni 2023 kapena chikole cha banki. Zimenezo zikhoza kusintha kuchuluka kwa gawo loyamba lomwe ndanenali.